Mutu Woyenera Nkhani ya Intavyu Yoyamba

Amene amawerenga nkhani ya kukonzekera intavyu nthawi zambiri sakhala munthu wongofuna kutaya nthawi. Ndi mnyamata kapena mtsikana amene wakhala akutsegula masamba a ntchito mu The Nation ndi The Daily Times kwa miyezi, akulemba makalata osayankhidwa, ndiye dzulo foni yalira: "Mubwere Lachinayi 9 koloko m'mawa, mutenge masatifiketi anu enieni." Watsala ndi masiku atatu, ndipo mtima uli phaphapha. Nkhani itakhala yabwino chotani, ngati mutu wake sunamuimitse munthu ameneyu, atembenuza tsamba osadziwa kuti thandizo lake linali pomwepo.

Tiyerekeze kuti nkhaniyo yalembedwa kale, ya masamba awiri, ndipo ili patebulo la mkonzi. M'kati mwake muli izi. Werenganinso chilengezo cha ntchitoyo mzere ndi mzere, chifukwa mafunso ambiri amachokera pa zimene olemba ntchito analembamo. Ikani mu envulopu imodzi satifiketi ya MSCE, dipuloma kapena pepala la TEVETA, chiphaso cha unzika, ndi mafotokope ake. Dziwani malowo lisanafike tsikulo, ndipo muwerengere nthawi imene minibasi imaima pa siteji kudikira kudzaza. Koma gawo lalikulu, loposa theka la nkhani yonse, likunena za chinthu chimodzi: mmene munthu amene sanalembedwepo ntchito angayankhire akafunsidwa zimene anachitapo. Ndanena za kukula kwa gawoli dala, chifukwa ndi limene litiweruzire mitu yonse imene tiyese.

Mutu umene umabwera msanga ndi wakuti "Kukonzekera Intavyu". Ndi woona, ndi waufupi, ndipo ukwana ngakhale pa danga lopapatiza. Vuto lake n'lakuti ukungotchula nkhani popanda kuitana aliyense. Mphunzitsi wa zaka makumi awiri pa ntchito amene akufuna uhedimasitala angaganize kuti ndi yake, awerenge ndime ziwiri, n'kuisiya. Kungowonjezera mawu awiri, "Kukonzekera Intavyu Yanu Yoyamba", kwasintha kale zinthu, pakuti "yoyamba" wasankha owerenga. Mutu wotere umagwira bwino m'buku la malangizo kapena pa tsamba la zam'katimu, pamene munthu akufufuza chinthu chimene akuchidziwa dzina.

Pali mutu wina umene ndimaukana popanda kukambirana: "Zinsinsi Zopezera Ntchito Mosavuta". Umakopa maso, palibe angatsutse. Koma m'nkhani yathu mulibe chinsinsi, ndipo kukonzekera sikupereka ntchito. Pa malo amodzi pamaitanidwa anthu angapo, onse akhoza kukonzekera bwino, wotengedwa n'kukhala mmodzi. Choipa kwambiri n'chakuti chilankhulo chotere ndi chomwecho chimene akathyali amagwiritsa ntchito, aja amatumiza mauthenga pa foni kuti tumizani ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti dzina lanu lilowe pa mndandanda. Magazini isayankhule ngati iwo kwa wachinyamata amene ndalama ya fotokope yomwe wachita kupempha kwa malume ake.

Tsopano tione mitu imene ili ndi mphamvu yeniyeni. "Akuitanani ku Intavyu Koyamba? Yambirani Apa." Uwu ukumupeza wowerenga pa nthawi imene foni yangolira kumene. Funso likuti tikudziwa pamene mwaima, ndipo mbali yachiwiri ikulonjeza chinthu chaching'ono chimene nkhaniyo ingakwanitse, poyambira basi. Taonaninso kuti ukuti "akuitanani", osati "akuitana iwe". Alipo amene amaganiza kuti polembera achinyamata m'pofunika "iwe" kuti zimveke zachinyamata. Ine ndimaona kuti munthu amene akukonzekera kukakhala pamaso pa mabwana akufuna kuyamba kuyankhulidwa ngati wamkulu, ndipo "inu" amamupatsa ulemu umenewo. Kufooka kwa mutuwu n'kwakuti sukunena zimene zili m'kati. Ukuyenera nkhani imene ikutsata ndondomeko ya masiku, kuyambira Lolemba mpaka m'mawa wa Lachinayi, pamene yathu yalemerera mbali imodzi.

Mitu ya manambala ili ndi okonda ambiri. "Mafunso 5 Ofunsidwa Kawirikawiri pa Intavyu ndi Mayankhidwe Ake." Nambala imauza munthu kukula kwa ntchito imene ili patsogolo pake, ndipo wamantha amapepukidwa akamva kuti zinthu zake n'zowerengeka. Koma nambala ndi ngongole. Mukati asanu, akhaledi asanu, onse atapatsidwa malo okwanira: tiuzeni za inu, mukudziwa chiyani za ntchito yathu, chifukwa chiyani tikutengeni inuyo, mumafooka pati, mukuyembekeza malipiro otani. Ndipo samalani ndi mneni. Kulemba kuti "Amene Mudzafunsidwe" n'kulosera zimene zili m'mitu ya anthu amene simunawaonepo. Wowerenga akaloweza mayankho asanu, kenako n'kupatsidwa kompyuta kuti asonkhanitse manambala mu Excel, adzatuluka akuti magazini inamunamiza. "Kawirikawiri" ndi mawu aatali pa mutu, koma akuteteza choonadi. Pa nkhani yathu mutuwu sukwana, pokhapokha wolemba atavomera kuilembanso yonse.

Za mutu woopseza, monga "Zolakwa Zimene Zingakumanitseni Ntchito", sindichedwapo. Umawerengedwa, koma wowerenga wathu ali kale ndi mantha okwanira, ndipo mantha ndi amene amaumitsa pakamwa pa intavyu.

Mwambi nawo umayesa mkonzi aliyense wa Chichewa. "Safunsa Anadya Phula" ungakhale mutu wokoma, chifukwa kumapeto kwa intavyu ofunsa amakonda kunena kuti, "Muli ndi funso?" ndipo ambiri oyamba kumene amangoti ayi, poganiza kuti kufunsa akuluakulu n'kupanda ulemu. Pamenepo m'pamene munthu akanafunsa kuti azikagwira pansi pa ndani, kapena kuti nthawi yoyesedwa ntchito ndi yaitali bwanji. Lamulo la zolemba ntchito la m'chaka cha 2000 limalola nthawi yoyesa wantchito waluso, koma yosapitirira miyezi 12, choncho funsoli si lachipongwe. Komabe mwambiwu paokha sukutchula intavyu. Ukhoza kukhala mutu wa nkhani ya ulimi wa soya kapena ya banja. Mwambi umafuna mutu waung'ono pansi pake wonena nkhaniyo poyera, ndipo uwu ukungokhudza ndime imodzi. Malo ake abwino ndi m'kati mwa nkhani, pamwamba pa ndime ya kufunsa mafunso.

Mutu umene ndingaike pa nkhaniyi ndi uwu: "Simunagwirepo Ntchito: Mukawauza Chiyani ku Intavyu?"

Chifukwa choyamba n'chakuti ukutchula bala lenileni. Oyamba kumene sada nkhawa kwambiri ndi zovala kapena nthawi. Izo amauzidwa ndi aliyense kunyumba. Chimene chimawasowetsa tulo ndi mzere uja wa m'chilengezo wonena kuti pakufunika amene anagwirapo ntchito zaka ziwiri. Munthu akauona mutuwu amamva kuti wolemba wanena mokweza chimene iye amachita nacho manyazi.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti nkhaniyo ili nalo yankho, ndipo lili m'gawo lake lalikulu. Muli chitsanzo cha mtsikana wongoyerekeza, amene ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama ndipo waitanidwa pa ntchito ya ukalaliki. Afunsidwa kuti, "Munagwirapo kuti?" Yankho loti "Sindinagwirepo, bwana" ndi loona, koma latseka chitseko. Nkhaniyo ikumuphunzitsa kuyankha m'magawo atatu: panali vuto lanji, iye anachitapo chiyani, zinatha bwanji. Ndiye akuti, "Sindinalembedwepo ntchito, koma kwa chaka chimodzi ndinali mlembi wa banki m'khonde ya amayi 20 kwathu. Mwezi wina ndalama za m'bokosi zinaperewera K15,000 poyerekeza ndi za m'buku. Ndinatenga timabuku ta mamembala onse, n'kufananiza ndi buku lalikulu tsamba ndi tsamba, mpaka ndinapeza kuti kubweza kwa mayi mmodzi kunalembedwa kawiri. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti tiziwerenga ndalama pamaso pa onse tisanatseke msonkhano." Wofunsa wamva kale zimene amafuna: munthuyu amadziwa kufananiza mabuku, sabisa vuto, ndipo anthu anamudalira ndi ndalama zawo. Ntchito yoyeserera ya ku koleji, kugulitsa mu grosale ya azakhali, kusunga chuma cha kwaya, zonsezi zikhoza kufotokozedwa chimodzimodzi, bola zikhale zoona, chifukwa ofunsa odziwa ntchito yawo amafunsanso kachiwiri ndi kachitatu pa nkhani yomweyo ndipo bodza limagwa pamenepo.

Mutuwu nawonso uli ndi mtengo wake. Uli ndi mawu asanu ndi limodzi, ena aatali, ndipo pa chikuto cha magazini sungalembedwe ndi zilembo zikuluzikulu. Pachikutopo mukhoza kusiya mbali yoyamba yokha ngati funso, "Simunagwirepo Ntchito?", mutu wonse n'kukauika m'kati. Komanso sukunena za mapepala ndi za ulendo. Izi zimakonzedwa ndi mzere umodzi pansi pake, wa zilembo zing'onozing'ono: "Mmene mungasandutsire zimene munachita kusukulu, kutchalitchi kapena kumudzi kukhala yankho, ndi zoti mutenge tsikulo." Wina anganene kuti mawu oti "Simunagwirepo" akunyoza. Sindikuvomereza, chifukwa funso lotsatira likusonyeza kuti chonena chilipo. Mutu ukanati "Mulibe Luso?" ndiye ukanakhala wonyoza, ndiponso wabodza, pakuti mtsikana wa banki m'khonde uja luso ali nalo.

Pali njira yophweka yoyesera mutu uliwonse musanausindikize. Lembani mitu itatu imene yatsala papepala, mupatse wachinyamata amene sanaione nkhaniyo, monga wa Fomu 4 kapena amene wangomaliza kumene koleji. Musamufunse kuti wakonda uti, chifukwa adzasankha womveka bwino m'khutu kapena umene akuganiza kuti inu mukuufuna. Mufunseni kuti, "Ukawerenga nkhani ya mutu uwu, ukuganiza kuti upezamo chiyani?" Akatchula zinthu zimene mulibe, monga mayina a makampani amene akulemba anthu, mutuwo walonjeza mopyola. Akangoti "za intavyu" n'kukhala chete, mutuwo sunanene kanthu. Akati, "Mwina andiuza zonena poti sindinagwirepo ntchito," bwererani ku nkhaniyo mukaonetsetse kuti yankho limenelo layambira m'ndime ziwiri zoyambirira, osati tsamba lachiwiri. Ngati lili kutali, sunthani gawolo libwere pamwamba, za envulopu ndi minibasi zitsikire kumapeto.