Kalata yokumbutsa za mataimushiti ndi malisiti: kulimba mawu popanda kunyoza

Sabata yoyamba ya mwezi, m'maofesi ambiri a mabungwe ndi makampani ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu mumayenda uthenga wofanana. Umachokera ku ofesi ya zachuma, ndipo umapita kwa aliyense: "Tikukumbutsa onse amene sanapereke mataimushiti ndi malisiti kuti atero posachedwa." Amene anapereka kale amawerenga n'kutsonya. Amene sanapereke amawerenga n'kuganiza kuti akunena ena. Pakatha sabata ziwiri akauntanti uja amalembanso, ulendo uno ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha, ndipo ofesi yonse imayamba kumunena kuti ndi wankhanza.

Uthenga woyamba uja unali waulemu koma wopanda mano. Wachiwiri uli ndi mano koma wataya ulemu, ndipo wosewo sunabweretse pepala n'limodzi lomwe. Kalata yokumbutsa imalimba chifukwa cha zimene yatchula, osati chifukwa cha kukalipa. Kuti timvetse zoyenera kutchulazo, tione kaye chimene mapepala awiriwa amagwira.

Taimushiti ndi pepala limene wantchito amalembapo masiku kapena maola amene wagwira, ndi ntchito imene anawagwirira. Kwa dalaivala kapena mlonda, ndi pamene pamachokera ndalama za ovataimu. Lamulo la za ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limati maola anthawi zonse asapitirire 48 pa sabata, ndipo ovataimu ya tsiku wamba amailipira pamlingo wa ola limodzi ndi theka pa ola lililonse. Wolemba malipiro sangalote maolawo. Pepala likafika malipiro atatsekedwa, ovataimuyo imadikira mwezi wamawa.

M'mabungwe oyendera ndalama za madona nkhani yake ndi yaikulupo. Tiyerekeze mlangizi wa zaulimi amene amalandira K600,000 pamwezi, ndipo amagwira mapulojekiti awiri a madona awiri osiyana. M'mwezi wa masiku 20 ogwira ntchito, masiku 12 anali ku pulojekiti ya ulimi wothirira, masiku 8 ku pulojekiti ya banki m'khonde. Akauntanti adzalemba K360,000 ku bajeti ya dona woyamba ndi K240,000 ku ya wachiwiri. Umboni wa kagawidwe kameneka ndi taimushiti yosainidwa ndi mwini wake komanso womuyang'anira, palibenso wina. Maodita akabwera n'kupeza kuti palibe, angathe kukana ndalamayo, bungwe n'kuuzidwa kuti libweze. Munthu anagwiradi ntchito, alimi anamuona, koma m'mabuku mulibe chosonyeza.

Ndipo taimushiti yochedwa imadziwika pongoiona. Wolemba miyezi itatu tsiku limodzi amaika maola 8 paliponse ndi cholembera chimodzi, mpaka pa 6 Julaye, tsiku limene dziko lonse linali patchuthi, ngakhalenso pa sabata imene fayelo yake ikusonyeza kuti anali pa livi. Odita wozolowera ntchito amayambira pomwepo.

Mbali ya malisiti ili pawiri. Pali amene anagwiritsa ntchito ndalama za m'thumba mwake ndipo akufuna ofesi imubwezere. Palinso amene anatenga adivansi ya ulendo ndipo akuyenera kusonyeza mmene inayendera, kumene m'maofesi amati kulikwideta. Mlangizi wathu uja tiyerekeze kuti anatenga K450,000 kukachititsa msonkhano wa alimi ku Ntchisi. Mafuta a galimoto anadya K180,000, holo K60,000, zoziziritsa kukhosi K95,000, ndipo alimi 20 analandira thiransipoti ya K5,000 aliyense, yonse K100,000. Zonse pamodzi ndi K435,000, choncho pali chenje cha K15,000 choyenera kubwerera. Mpaka atabweretsa malisiti atatu, pepala limene alimi aja anasainirapo kapena kudindapo chala, ndi chenjecho, m'mabuku K450,000 yonse imakhala ngongole pa dzina lake. Msonkhano unachitika, koma lipoti lopita kwa dona limaonetsa ngati ku Ntchisi sikunapite munthu, ndipo gawo lotsatira la ndalama za pulojekiti lingachedwe chifukwa zoyamba zikuoneka kuti sizinathe.

Lisiti lenilenilo silidikira. La pa filing'i siteshoni ndi la m'sitolo zikuluzikulu limasindikizidwa ndi kutentha, osati inki. Likakhala m'chikwama cha m'thumba lakumbuyo kapena pa dashibodi ya galimoto m'dzuwa la Okutobala, limafufutika kapena kuda bii, moti K180,000 ija imasanduka kapepala kosawerengeka. Amene akudikira kubwezeredwa zake nayenso amaluza. Mu Novembala 2023 kwacha inagwa mphamvu ndi 44 pa 100 alionse. Munthu amene anagula zinthu za ofesi mu Okutobala ndi ndalama zake n'kusunga malisiti mpaka Disembala analandira makwacha omwewo, koma ogula zochepa.

Wolemba kalata akadziwa zonsezi, sasowa chonena. Nachi chitsanzo cha kalata yopita kwa mlangizi uja yekha, osati kwa ofesi yonse:

"Bambo, ndikhulupirira kuti muli bwino. Ndikutseka mabuku a mwezi wa Seputembala ndipo kwa inu kwatsala zinthu ziwiri: taimushiti ya Seputembala, ndi malisiti a adivansi ya K450,000 imene munatenga pa 15 Seputembala ya ulendo wa ku Ntchisi. Zonsezi zimayenera kufika pa 3 Okutobala. Chonde zifike pa desiki panga pofika Lachisanu pa 10 Okutobala, 12 koloko masana, chifukwa lipoti la dona likunyamuka pa 15. Malinga ndi ndondomeko ya bungwe, sindidzatha kukonza adivansi ya ulendo wanu wotsatira iyi isanalikwidetedwe. Ngati pali lisiti limene latayika kapena kufufutika, kapena ngati mapepala anu akudikira siginecha, ndiuzeni lero kuti tione chochita. Ngati munapereka kale ndipo sindinazione, mundikhululukire, ingondiuzani amene munamupatsa. Zikomo kwambiri."

Mulibe mawu aukali m'menemu, komanso mulibe pothawira. Munthuyo wauzidwa chimene chatsala, kuchuluka kwa ndalama, tsiku limene analumpha ndi tsiku latsopano, mpaka ola. "Posachedwa" aliyense amamumva mwakemwake, koma Lachisanu 12 koloko ndi limodzi kwa tonse. Wauzidwanso chifukwa chake, ndipo chifukwacho ndi lipoti la pa 15, osati mkwiyo wa akauntanti. Anthu amafulumira akadziwa kuti pali anzawo amene akudikira kuseri kwa pepalalo.

Chiganizo cha adivansi yotsatira ndicho msana wa kalatayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Chotsatira chimene mukutchula chikhale chimene chili kale mu ndondomeko ya bungwe, ndipo chikhale chimene mudzachitedi. Akauntanti amene amalemba kuti "wosapereka salandira malipiro" amadziika m'mavuto awiri. Lamulo la za ntchito limaika malire pa zimene bwana angadule pa malipiro a munthu, choncho kumana munthu salale ya mwezi umene wagwira chifukwa cha pepala ndi njira yopita ku ofesi ya leba. Chachiwiri, pakutha pa mwezi salale ikalowa monga mwa masiku onse, aliyense amaphunzira kuti makalata a ofesi ya zachuma ndi mabingu a mvula yosagwa. Kudula adivansi yosalikwideta pa malipiro kumachitika m'mabungwe ambiri, koma kumakhala ndi maziko pamene wantchito anasainira zimenezo potenga ndalamazo, ndipo ndi chida cha kalata yachitatu, osati yoyamba.

Ulemu wake uli m'ziganizo ziwiri zomaliza. Anthu ambiri ochedwa si akuba kapena aulesi. Wina lisiti la holo analitaya ndipo akuchita manyazi kunena. Wina chenje cha K15,000 chija anagulira magetsi kunyumba, akudikira salale kuti abweze. Wina anagula mandasi ndi nthochi kwa amayi apamsika amene alibe buku la malisiti, ndipo sadziwa kuti mabungwe ambiri ali ndi fomu imene wogulitsa wotere amangosainirapo. Kalata ikatsegula khomo loti "ndiuzeni lero", nkhani zoterezi zimatuluka nthawi ikadalipo. Kupepesa pasadakhale nakonso sikungokometsa mawu. Mapepala amasochera m'ofesi ya zachuma momwemo, ndipo nthawi zambiri taimushiti yomwe akuti yachedwa imakhala ili pa tebulo la bwana wa pulojekiti, amene anapita ku msonkhano ku Salima asanasaine.

Mabwanawa ndiwo mbali yovuta. Akauntanti wachinyamata amatha kulembera dalaivala mosavuta, koma dairekitala wa msinkhu wa bambo ake, amene ali ndi maadivansi atatu osalikwideta, amamulambalala. Ofesi yonse imadziwa, ndipo kuyambira pamenepo kalata iliyonse imaoneka yokondera. Ine ndimaona kuti chothandiza ndi kusasintha kalata. Moni akhale wolemekeza monga kuyenera, "Bwana" kapena "Mayi", koma ndalama, tsiku ndi ola zikhale monga mmene zinalembedwera kwa dalaivala. Kumene zimatheka, uthenga wa kwa onse wa kumayambiriro kwa mwezi uzichokera kwa mkulu wa bungwe, atayamba wapereka zake.

Uthenga wa kwa onse uli ndi ntchito yake, koma ndi ya tsiku lisanafike: "Mataimushiti a Seputembala afike pa 3 Okutobala." Tsikulo likadutsa, makalata azipita kwa munthu mmodzimmodzi. Mndandanda wa mayina ndi ndalama pa gulu la WhatsApp la ofesi umabweretsadi mapepala mwachangu, sindikana, koma umauza mlonda ndi wophunzira ntchito kuti uje ali ndi ngongole ya K450,000, ndipo ngati dzina limodzi lalowamo molakwika, kukonza kwake kumatenga miyezi.

Lachisanu likafika mlangizi uja osaoneka, kalata yachiwiri imakhala yaifupi kuposa yoyamba, ndipo womuyang'anira amalandirako kope. Imangonena kuti pa 10 padutsa, mapepala sanafike, adivansi ya ulendo wotsatira yaimitsidwa, ndipo lipoti la pa 15 lipita popanda ndalama za ku Ntchisi pokhapokha zitafika Lolemba m'mawa. Kenako akauntanti amaimitsadi adivansiyo, ngakhale galimoto itathiridwa kale mafuta.