Tesiti Imadalirika Ikaonedwa Ikulephera: Nkhani ya Wophunzira ndi Pulojekiti Yosiyidwa

M'masukulu a ukachenjede ophunzitsa za makompyuta, pulojekiti zambiri sizithera pa munthu mmodzi. Woiyamba amamaliza sukulu nkupita, ndipo wa chaka chotsatira amapatsidwa foda yomweyo kuti apitirize. Wophunzira wa m'nkhani yofanizira ino analandira pulogalamu yolembedwa m'chinenero cha Python, yowerengera ndalama za gulu la banki mkhonde: masheya a membala aliyense, ngongole, chiwongoladzanja, zindapusa, ndi kugawana kwa kumapeto kwa chaka. Inali itadutsa m'manja mwa ophunzira awiri. Munali mafayilo a mayina ofanana, khodi yomwe palibe chinkaigwiritsa ntchito, ndi chigawo chimodzi cha mizere yoposa 300 chomwe chinkachita pafupifupi chilichonse. Munalinso foda yotchedwa `tests`, momwe munali matesiti 40.

Tesiti ndi kakhodi kakang'ono komwe ntchito yake ndi kufunsa pulogalamu funso lomwe yankho lake ndi lodziwika kale. Imapereka manambala ku chigawo china cha pulogalamu, nkuyerekeza zomwe zatuluka ndi zomwe zimayembekezeka. Zikafanana, tesitiyo yakhoza, zikasiyana, yalephera. Chida chotchedwa `pytest` chimayendetsa matesiti onse nthawi imodzi, ndipo chimaonetsa okhoza mobiriwira, olephera mofiira.

Tsiku loyamba wophunzirayo atalemba `pytest`, mzere wotsiriza unati `4 failed, 36 passed`. Patapita masiku, asanasinthe kanthu, olephera anakhala asanu. Iye anaganiza zomwe ambiri amaganiza: kuti matesitiwo ndi osokonekera ngati pulojekiti yomwe. Anasiya kuwayendetsa, nayamba kumayesa pulogalamuyo pamanja, kulowetsa mamembala awiri atatu ndi kuona ngati manambala akuoneka bwino.

Njira imeneyi inamugwetsa m'sabata yachitatu. Anasintha kawerengedwe ka chindapusa cha wochedwa kubweza ngongole, ndipo poyesa pamanja zonse zinayenda. Koma chigawo chowerengera kugawana chinkadalira khodi yomweyo, ndipo poonetsa ntchito kwa mphunzitsi woyang'anira, ndalama zogawana zinaposa zomwe zinali m'thumba la gulu. Atabwerera kukayendetsa matesiti, anapeza kuti imodzi inali ikulozadi vutolo kuyambira tsiku lomwe anasintha khodi. Ngakhale akanaiyendetsa, mwina sakanaizindikira, chifukwa munthu akazolowera kuona zofiira zinayi kapena zisanu, ina yowonjezera siimudzidzimutsa. Apa ndi pomwe anazindikira kuti ntchito yoyamba si kuwonjezera zatsopano, koma kufufuza chifukwa cha tesiti iliyonse yolephera.

Atatu mwa olephera nthawi zonse aja anali otha ntchito. Ankayembekezera chindapusa chakale, pomwe mbiri ya pulojekiti mu Git inaonetsa kuti wophunzira wachiwiri anasintha lamulolo mwadala, koma matesiti anawaiwala. Kuwakonza kunali kusintha nambala yoyembekezeka, atatsimikizira kaye m'malamulo olembedwa a gululo kuti nambala yatsopanoyo ndi yoona. Kutsimikizira kumeneku nkofunika, chifukwa kusintha tesiti kuti ingogwirizana ndi khodi ndi njira yachidule yokwiririra cholakwika.

Yachinayi inali kunena zoona. Inkagawa K100,000 kwa mamembala atatu a masheya ofanana, nkuphatikizanso zomwe aliyense walandira ndi zotsala m'thumba la gulu. Pulogalamuyo inkapatsa aliyense K33,333.33, ndipo zitatuzo zikaphatikizidwa zinkakwana K99,999.99. Tambala imodzi inkasowa. Vutoli limakula chifukwa makompyuta sasunga manambala ambiri a madesimolo ndendende. Mu Python, `0.1 + 0.2` amapereka `0.30000000000000004`. Wophunzirayo anasintha pulogalamu kuti izisunga ndalama zonse m'matambala, monga manambala athunthu. Tsopano `divmod(10000000, 3)` amapereka `(3333333, 1)`, kutanthauza gawo la aliyense ndi tambala imodzi yotsala, yomwe imabwerera m'thumba la gulu nkulembedwa. Aka kanali koyamba kuti tesiti yomwe ankaiyesa yosokonekera ikhale yolondola, khodi ndiyo ili yolakwa.

Otsala anali matesiti awiri osinthasintha, okhoza lero mawa nkulephera. Amenewa ndiwo amapha chikhulupiriro kuposa ena onse, chifukwa amaphunzitsa munthu kungoyendetsanso mpaka zitabiriwira. Yoyamba inkalembetsa membala mu fayilo yosungira zinthu, koma osamufufuta ikamaliza. Ikayendetsedwa kachiwiri inkapeza dzinalo lilimo kale, nkulephera. Mankhwala ake anali kupatsa tesiti iliyonse malo akeake osakhalitsa, omwe `pytest` amapereka kudzera mu `tmp_path`, kuti pasakhale tesiti yodalira zotsala za inzake.

Yachiwiri inalephera pa 31 Malichi, nkukhoza m'mawa mwake. Inkatenga tsiku la lero pogwiritsa ntchito `date.today()`, nkufunsa tsiku lobwezera ngongole pakatha mwezi umodzi. Khodi inkangowonjezera 1 pa nambala ya mwezi, ndipo popeza kulibe 31 Epulo, Python inkaima ndi uthenga wa `ValueError`. Choncho panali zolakwika ziwiri. Tesitiyo inalembedwa molakwika podalira kalendala, komabe inali itavumbulutsa vuto lenileni: membala wobwereka pa 31 Malichi akanaimitsa pulogalamu. Wophunzirayo anakonza khodi kuti ngati tsikulo kulibe, izitenga tsiku lomaliza la mwezi wotsatirawo. Kenako analemba matesiti a masiku osasintha: 31 Januwale 2023 kupereka 28 Febuluwale, 31 Januwale 2024 kupereka 29 Febuluwale, ndi tsiku la mu Disembala kulowa m'chaka chotsatira.

Matesiti onse atabiriwira panabuka funso lina lovuta. Kodi kukhoza kwa tesiti kukusonyeza kuti khodi ili bwino, kapena kuti tesitiyo siyang'ana kanthu? Njira yodziwira ndi kuwononga khodi mwadala, pang'ono, nkuona ngati pali tesiti yomwe ikuwa. Lingaliro limeneli ndi lakale; Richard DeMillo, Richard Lipton ndi Frederick Sayward analifotokoza m'nkhani yawo ya mu 1978, ndipo masiku ano kuli zida zochita zimenezi pazokha. Wophunzirayo anachita pamanja. Gululo linkalipiritsa 20 pa 100 iliyonse pamwezi. Iye anasintha nambalayo kukhala 2, nayendetsa `pytest`. Palibe tesiti inalephera. Atatsegula tesiti ya chiwongoladzanja anapeza izi:

```python
def test_chiwongoladzanja():
    chiwongoladzanja(5000000)
```

Tesitiyi inkangoitana khodi, osayerekeza yankho ndi chilichonse. Ikanakhoza ngakhale pulogalamu ikanati chiwongoladzanja ndi ziro. Anawerengera papepala kuti ngongole ya K50,000 imabala K10,000 pamwezi, nalemba chonchi, m'matambala:

```python
def test_chiwongoladzanja():
    assert chiwongoladzanja(5000000) == 1000000
```

Anayendetsa khodi ikadali yowonongedwa, tesitiyo nkufiira. Anabwezeretsa 20, nkubiriwira. Kuchokera pamenepo anadziikira lamulo loti tesiti iliyonse, yakale kapena yatsopano, aziiona kaye ikulephera pa chifukwa choyenera asanaikhulupirire. Anachitanso chimodzimodzi ndi zizindikiro zoyerekezera. Posintha `>` kukhala `>=` pa lamulo la kuchedwa, anapeza kuti panalibe tesiti yofunsa za munthu wobweza pa tsiku lenileni lomaliza, pomwe m'malire otere ndi momwe zolakwika zimakonda kubisala.

Chinatsala ndi chigawo chachitali chija, chomwe chinalibe tesiti ngakhale imodzi, ndipo panalibe wodziwa zonse zomwe chinkachita. Michael Feathers, m'buku lake la mu 2004 lotchedwa Working Effectively with Legacy Code, amaona khodi yopanda matesiti kuti ndiyo khodi yovuta kuilandira, ndipo amaphunzitsa njira yoigwirira. Munthu amalemba matesiti ojambula khalidwe la khodiyo momwe lilili lero, posaweruza kaye ngati ndi lolondola. Wophunzirayo anakonza magulu ongoyerekeza asanu ndi limodzi: lopanda ngongole, la membala mmodzi, la wina wosabweza, ndi ena otero. Zomwe pulogalamu inatulutsa pa gulu lililonse anazilemba monga yankho loyembekezeka. Matesiti oterewa sanena kuti yankho ndi loona. Amangodziwitsa munthu kuti china chake chasintha.

Ali ndi mpanda umenewu anayamba kudula chigawocho m'zidutswa zing'onozing'ono, kusuntha mizere yochepa, kuyendetsa matesiti, nkusunga mu Git akakhoza. Matesiti onse ankatha m'masekondi ochepa, choncho ankawayendetsa kambirimbiri pa ola. Tsiku lina tesiti ya gulu la membala wosabweza inafiira atasuntha mizere iwiri yomwe ankaona kuti siikhudzana. Mwezi umodzi m'mbuyomo akanainyalanyaza. Ulendo uno anayamba ndi kukayikira khodi yake, ndipo anapeza kuti anachititsa kuti ngongole ichotsedwe pa gawo la membala chindapusa chisanaphatikizidwe. Popeza anali atangosintha mizere iwiri yokha, kupeza vutolo kunatenga mphindi zochepa.

Chikhulupiriro chimenechi chili ndi malire ake. Edsger Dijkstra anachenjeza kalekale kuti kuyesa pulogalamu kungathe kuonetsa kuti zolakwika zilipo, koma sikungatsimikize kuti palibe. Wophunzirayo anakumana nazo atapita kukayerekeza pulogalamu ndi kaundula wa gululo. Msungichuma anamuonetsa kuti munthu akabweza theka la ngongole, chiwongoladzanja cha mwezi wotsatira chimawerengedwa pa ndalama yotsalayo. Wobwereka K50,000, akalipira chiwongoladzanja cha mwezi woyamba ndi K25,000 ya ngongoleyo, mwezi wachiwiri amayenera kulipira K5,000. Pulogalamu inkati K10,000, ndipo tesiti imodzi mwa zojambula khalidwe zija inali kuteteza yankho lolakwikalo, chifukwa inalijambula momwe inalipezera. Tesiti imadziwa zokhazo zomwe woilemba anaiuza.

Kakonzedwe kake kanatsata dongosolo lomwe anali atalizolowera. Anayamba walemba tesiti yatsopano ndi manambala a m'kaundula, naiona ikufiira. Kenako anakonza khodi mpaka inabiriwira, nasintha tesiti yakale ija, nalemba chifukwa chake mu Git. Pomaliza chaka anasiya m'foda tsamba lalifupi lofotokozera womulowa m'malo lamulo loyendetsera matesiti, matesiti omwe manambala ake anachokera m'kaundula wa gulu, ndi omwe amangojambula khalidwe lakale lomwe palibe analitsimikizira.