Ntchito Yokachitira Kunyumba Yosafuna Buku, Rula kapena Nyale

Unduna wa Zamaphunziro ukufuna kufotokozera makolo ndi onse olera ana za mtundu wina wa ntchito imene aphunzitsi amapereka kwa ophunzira kuti akachitire kunyumba, yomwe ambiri amaitchula kuti homuweki. Makolo ena amadabwa akaona mwana akuzungulira nyumba uku akuwerenga chamumtima, n'kumanena kuti akuchita zakusukulu. Imeneyo ndi ntchito yeniyeni, ndipo ili ndi ndondomeko yake.

Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, kalasi imodzi imakhala ndi ana ochokera m'mabanja opeza mosiyanasiyana. Mphunzitsi akapereka ntchito yofuna buku, rula, magetsi kapena kholo lodziwa kuwerenga, ana ena amabwera m'mawa osachita kanthu. Zikatero, mphunzitsi sangadziwe ngati mwanayo sanamve phunziro kapena anangosowa chipangizo. N'chifukwa chake ntchito yabwino imatenga luso limene mwana waphunzira tsiku lomwelo, n'kumuuza kuti akaligwiritse ntchito pamalo ena, ndi zinthu zimene khomo lililonse lili nazo: thupi lake, pakamwa pake ndi malo amene amakhala.

Chitsanzo cha phunziro la masamu

Tiyerekeze kuti mphunzitsi akuphunzitsa kupeza utali wozungulira chinthu cha mbali zinayi. M'kalasi, ana ayeza bolodi ndi tebulo, ndipo aona kuti mbali zoyang'anana n'zofanana, choncho pofuna utali wozungulira amaphatikiza mbali zonse zinayi. Rula yaitali mita imodzi ilipo imodzi yokha, ya sukulu, ndipo palibe mwana amene apite nayo kwawo.

Phunziro lisanathe, mphunzitsi amatulutsa ana panja n'kuyeza mamita 10 pabwalo, kenako kulemba mzere poyambira ndi pothera. Mwana aliyense amayenda mtunda umenewo monga amayendera masiku onse, akuwerenga masitepe ake, ndipo amabwereza kawiri kuti atsimikize. Mwana amene wapeza masitepe 20 amadziwa tsopano kuti masitepe ake awiri ndi mita imodzi. Apa ndiye pagona nkhani: chipangizo choyezera chakonzedwera kusukulu, ndipo mwana akupita nacho kwawo m'miyendo mwake.

Ntchito yake imanenedwa m'mawu ochepa oti mwana asunge pamtima. Akayende m'mbali yaitali ya nyumba yakwawo ndi m'mbali yaifupi, akuwerenga masitepe. Akapeze utali wozungulira mwa kuwerengetsera, kenako akazungulire nyumba yonse kuti aone ngati yankho lake likugwirizana ndi zimene wayenda. Mphunzitsi amafunsa ana awiri kapena atatu kuti abwereze malangizowo m'mawu awoawo asanaweruke.

Mwana uja wapeza masitepe 14 m'litali ndi 10 m'lifupi. Akaphatikiza 14, 10, 14 ndi 10 akupeza 48, ndipo akagawa ndi 2 akupeza mamita 24. Pozungulira nyumba mwina awerenga 47 kapena 50. Kusiyana kochepa kotere sikulakwa, chifukwa masitepe a munthu salingana ndendende, ndipo n'kumene kumaphunzitsa mwana chifukwa chimene anthu anagwirizanirana za mita. Ntchito yonseyi ndi ya mphindi 15, imachitika dzuwa lisanalowe, ndipo kuwerengetsera kungachitike pansi ndi kamtengo. Chofunika kubwera nacho kusukulu ndi manambala anayi okha: 14, 10, 24 ndi amene anapeza pozungulira.

Ntchitoyi sikubwereza chabe zam'kalasi. Pabolodi, manambala amakhala atalembedwa kale. Kunyumba, mwana ayenera kusankha yekha mbali zoti ayeze, kusintha masitepe kukhala mamita, ndi kudzitsimikizira yankho popanda womuchongera.

Kuganizira makomo osiyanasiyana

Mphunzitsi asanapereke ntchito amadzifunsa ngati mwana wa pakhomo losowetsetsa angaichite. Mwana wokhala m'nyumba za lendi zolumikizana, zomwe sangazizungulire, amauzidwa kuti ayeze khonde, chipinda kapena bwalo. Wovutika kuyenda amayeza ndi ndodo kapena chingwe chimene chayezedwa kusukulu, kapena amawerenga masitepe a mnzake. Wokhala m'nyumba yozungulira, yopanda ngodya, amangoizungulira n'kubweretsa nambala yake, ndipo funso lakuti nyumba yotere tiiwerengetsera bwanji limakhala poyambira kukambirana.

Zimene mayankho amaulula

M'mawa mwake, mphindi 5 kapena 10 zoyambirira zimakhala za ntchitoyi. Ngakhale kalasi ikhale yaikulu, ana amafotokozerana awiriawiri, ndipo mphunzitsi amalemba mayankho angapo pabolodi osatchula eni ake. Popeza nyumba zimasiyana, kukopera n'kovuta, ndipo cholakwika chilichonse chimaloza pamene mwana wasokonezeka.

Pa nyumba ija ya masitepe 14 ndi 10, mwana wonena kuti mamita 12 waphatikiza mbali ziwiri zokha. Wonena kuti mamita 48 waphatikiza bwino koma waiwala kusintha masitepe kukhala mamita. Wobwera ndi 140 wachulukitsa m'malo mophatikiza. Amene anawerengetsera 48 koma pozungulira n'kupeza 60, kawirikawiri anayenda motalikirana ndi khoma kapena anafupikitsa masitepe. Ngati ana ambiri alakwitsa mofanana, mphunzitsi amabwereza gawo limenelo asanapitirire. Koma ntchito ikapanda kufunsidwa m'mawa, ana amazindikira msanga kuti ilibe mwini, ndipo amasiya kuichita.

Malire ake

Ntchito yotere siyenera kukhala ya zinthu zimene mwana sanaphunzire, chifukwa kunyumba kulibe mphunzitsi. Siyeneranso kuulula umphawi wa banja. Kufunsa ana kuti awerenge ziweto zakwawo kapena afotokoze zimene adya usiku sikufuna chipangizo chilichonse, koma kumachititsa manyazi mwana wa pakhomo lopanda kanthu. N'chimodzimodzi poyeza nyumba: cholinga ndi njira yowerengetsera, osati kupikisana kuti nyumba yaikulu ndi yakwa ndani. Mwana asatumidwe kumsika kapena kumtsinje madzulo m'dzina la sukulu, ndipo kubweretsa nkhuni kapena tsache si ntchito yopitiriza phunziro. Komanso ntchito zoterezi sizilowa m'malo mwa mabuku. Kuwerenga ndi kulemba kumafunabe buku ndi kope, choncho mbali yaikulu ya zimenezo imachitikira kusukulu kumene zipangizo zili.

Gawo la kholo

Kholo silifunika kudziwa kuwerenga kuti lithandize. Mpatseni mwana mphindi zochepa kusanade, pakati pa ntchito zapakhomo. Musamuyezere kapena kumuuza yankho, chifukwa masitepe anu si ake, ndipo mphunzitsi akufuna kuona zimene mwanayo wamva. Mufunseni kuti, "Wapeza bwanji nambala imeneyi?" Akatha kufotokoza, phunziro lalowa. Mlimi angawonjeze pomufunsa kuti ngati mizere ya chimanga yatalikirana masentimita 75, kuchokera pa mzere woyamba kufika pa wachisanu pali mamita angati. Yankho ndi mamita 3, omwe kwa mwana uja ndi masitepe 6, ndipo angakatsimikize kumunda.

Ngati mwana wanu akupatsidwa kawirikawiri ntchito yofuna zipangizo zimene mulibe, kambiranani ndi mphunzitsi wa kalasi yake, mphunzitsi wamkulu kapena komiti ya makolo ndi aphunzitsi pasukulu yanu.