Lisiti Yosakwanira Imatayitsa Ndalama za VAT

Wabizinesi wolembetsa VAT amachotsa msonkho womwe analipira pogula katundu pa msonkho womwe watolera kwa makasitomala, n'kupereka chotsalacho ku MRA. Koma mwayi wochotserawu umadalira lisiti ya msonkho yolembedwa bwino.

Lisitiyo imayenera kuonetsa dzina la wogulitsa, adiresi yake ndi nambala yake ya msonkho yotchedwa TPIN, komanso tsiku, katundu wogulidwa ndi VAT yolembedwa payokha. Chifukwa chake n'chakuti boma limachotsera wogula ndalama zokhazo zomwe lingazitsate kwa wogulitsa. TPIN ikasowa, wofufuza mabuku sangadziwe ngati wogulitsayo analembetsa VAT, kapena ngati ndalamazo zinafikadi ku boma. Ena amalipiritsa VAT asanalembetse n'komwe, n'kuika ndalamazo m'thumba.

Mwachitsanzo, mwini sitolo ya zipangizo zomangira wagula simenti, ndipo pa mtengowo K350,000 ndi ya VAT. Mwezi womwewo watolera K900,000 kwa makasitomala ake, choncho akuyembekeza kupereka K550,000. Koma lisiti ya simentiyo ndi ya m'kabuku kogula kumsika, yongodindidwa dzina la kampani popanda TPIN. MRA ikaikana, amapereka K900,000 yonse, ndipo ngati anachotsa kale ndalamazo, pangabwerenso chindapusa ndi chiwongoladzanja. Umboni wa kubanki wakuti analipiradi sulowa m'malo mwa lisiti, ngakhale ambiri amaudalira.

Wogula asadzilembere yekha zomwe zasowa, chifukwa kutero n'kusintha chikalata cha wina. Abwerere kwa wogulitsa kuti amupatse lisiti yokwanira, makamaka asanatumize lipoti la mwezi umenewo.