“Ufike kusanade”: mawu amene kholo ndi mwana amamva mosiyana

Pa malamulo onse a pakhomo, limene limayambitsa mikangano kawirikawiri pakati pa makolo ndi ana a ku sekondale ndi la nthawi yobwerera kunyumba. Mayi amati, “Ufike kusanade,” mwana n’kuvomera. Madzulo mwanayo akulowa pakhomo nkhuku zitalowa kale m’khola, ndipo akafunsidwa amayankha mosaphethira kuti ponyamuka kunali kukuwala. Nthawi zambiri sakhala akunama.

Vuto ndi lakuti kuno kwathu mdima suchedwa. Dzuwa likangolowa, chisisira chimatha m’mphindi 20 kapena kupitirirapo pang’ono, basi kwada. Komanso nthawi yolowera dzuwa imasuntha. Ku Blantyre, mu Juni dzuwa limalowa cha m’ma 5:20 madzulo, pamene mu Januwale limafika cha m’ma 6:15 lisanalowe. Mwana amene anazolowera kufika 6 koloko nthawi ya dzinja kukuwala, akachita zomwezo m’nyengo yozizira amafika mu mdima. Ndiye uthenga wabwino umatchula ola, ndipo olalo lizisinthidwa nyengo ikasintha.

Tiyerekeze mtsikana wa Folomu 3 amene amakawerenga ndi anzake akaweruka, ndipo kuchokera kumeneko kufika kwawo ndi ulendo wa mphindi 40 wapansi. Ngati mu Juni afunika kukhala pakhomo 5:30, ayenera kutseka makope 4:50. Ola lonyamukira limeneli ndi limene makolo ambiri satchula, chonsecho ndi lokhalo limene mwana angalisunge. Akangochedwa kunyamuka, zotsalazo sizikhalanso m’manja mwake. Ngati amakwera minibasi ndiye kuli bwino kuwonjezerapo mphindi zina, chifukwa madzulo pasiteji pamadzaza anthu oweruka kuntchito, ndipo minibasi yopanda anthu sinyamuka isanadzaze.

Mayi ake angamulembere chonchi pafoni, kapena kumuuza pamaso m’mawa:

“Mwananga, kuyambira lero uzikhala utafika pakhomo 5:30. Uzinyamuka kwa anzako 4:50. Njira ya kumlatho ija kukada imakhala yopanda anthu, ndipo sindifuna uzidutsapo wekha. Ukaona kuti wachedwa, usathamange kapena kudutsa njira yachidule. Khala pomwe ulipo, undifulashe, ndituma achimwene ako adzakutenge. Ukachedwa osandiuza, Loweruka supita kwa anzako.”

Taonani kuti chifukwa chimene chatchulidwa ndi chimodzi chokha, ndipo ndi malo amene mwanayo akuwadziwa. Makolo ena amaunjika zoopsa zonse za m’dziko: achifwamba, mimba, chamba, ngozi za kabaza. Mwana wa zaka 15 akamva mndandanda wotero amangomva kuti akumuganizira zoipa, ndipo amayamba kudziteteza m’malo momvera. Mawu ngati “ndikudziwa zimene umachita kumeneko” amatseka makutu nthawi yomweyo, makamaka ngati mwanayo analidi pa masamu.

Chiganizo chofunika kwambiri mu uthengawu, kwa ine, ndi chija chonena zochita akachedwa. Mwana amene akudziwa kuti pakhomo pakumudikira ndodo kapena mawu olasa amachita zinthu zoopsa kuposa kuchedwako. Amakwera njinga yamoto ya munthu amene sakumudziwa, amadutsa m’munda wa chimanga kuti afupikitse ulendo, kapena amazimitsa foni n’kugona kwa mnzake osanena. Koma akadziwa kuti kuimba foni kumachepetsa mlandu, amaimba. N’chifukwa chake chilangocho chaikidwa pa kuchedwa osanena, osati pa kuchedwa kokha. Kufulasha sikudya mayunitsi, choncho zoti foni inalibe ndalama sizingakhale pothawira. Ngati alibe foni, aloweze nambala ya kholo pamtima kuti athe kubwereka ya mayi a mnzake.

Chilango nachonso chikhale chaching’ono, chimene kholo lingachikwaniritse. “Ndikutsekera panja” ndi mawu opanda nzeru, chifukwa amabweza mwana mu mdima womwe tikumuteteza nawo. “Sudzatulukanso m’nyumba muno” aliyense akudziwa kuti sizitheka, ndipo pofika Lachitatu lamulo lonse limakhala lapepuka. Loweruka limodzi lokha, koma likwaniritsidwe ngakhale mwana atanyengerera chotani, ndipo bambo asamasule zimene mayi amanga.

Nanga akafika mochedwa? Pakhomo, aneba akumvetsera, si pokambira mlandu. Alowe, asambe, adye nsima yake. Nkhani ikambidwe m’mawa, ndipo funso loyamba likhale lakuti, “Unanyamuka nthawi yanji?” Yankho lake limasiyanitsa mwana amene ananyozera ndi amene anagwidwa ndi mvula kapena kusowa galimoto. Mwana akasunga nthawi kwa mwezi wathunthu, palibe cholakwika kumuwonjezera theka la ola dzuwa likayamba kuchedwa kulowa, ndipo auzidwe kuti walipeza chifukwa cha kusunga kwake nthawi. Lamuloli likhudzenso mnyamata wa m’nyumbamo, chifukwa mlongo wake akaona kuti iye amalowa 8 koloko osafunsidwa kanthu, sadzakhulupiriranso kuti nkhani inali ya mdima.