Funso likamudutsa munthu pa intavyu

Tiyerekeze mtsikana amene waitanidwa ku Limbe kukayesedwa ntchito ya ukalaliki. Chingerezi anakhoza bwino pa mayeso a Fomu 4. Koma mmodzi mwa mabwana atatu amene akhala kuseri kwa tebulo akumufunsa mothamanga: “What is your biggest shortcoming?” Mawu onse wawamva, kupatula lomalizalo. Akumwetulira, akuyang'ana pansi, kenako akuti, “Yes, sir.”

Ambiri amagwera pomwepa, ndipo vuto si umbuli ayi. Kwathu kuno mwana amakula akudziwa kuti kubwerezetsa wamkulu mawu ndi mwano. Koma ofunsa akamva yankho losemphana ndi funso amalemba kuti munthuyo ntchito sakuidziwa, pamene iye langomudutsa liwu limodzi.

M'Chichewa ulemu uli kale m'mawu: “mwati” ndi “wati” n'zosiyana. Chingerezi chili ndi “you” mmodzi yemweyo kwa bwana ndi kwa mwana, choncho ulemu umasenzedwa ndi timawu ngati “could”, “would” ndi “please”. N'chifukwa chake “What?” kapena “Repeat” amamveka ngati kukalipa.

Chofunika n'kuzindikira msanga chimene chavuta. Ngati mawu sanamveke, mwina foni ikudukaduka kapena wofunsayo ndi wochokera kunja wolankhulira m'mphuno, akwanira awa: “Sorry, could you say that again, please?” Wothamanga amapemphedwa kuti “Could you speak a little more slowly, please?”

Vuto la mtsikana uja ndi lina. Bwanayo atabwereza funsolo kasanu, liwu lija likhalabe lachilendo. Iye ayenera kuloza liwulo: “Could you explain what you mean by shortcoming?” Bwanayo anena kuti “weakness”, ndiko kuti chofooka, ndipo njira yatseguka. Kupempha kubwereza pamene chavuta ndi tanthauzo kumangotha nthawi, ndipo kukachitika kachitatu ofunsa amayamba kuyang'anizana.

Njira yoposa zonse, ngakhale ambiri amaiopa, ndi kubweza funsolo m'mawu akeake: “If I understand correctly, you are asking about my weaknesses?” Akalondola, mabwana amangogwedeza mutu, iye n'kukhala atapezanso kamphindi kosanja maganizo. Akaphonya, amamukonza asanawononge yankho lonse. Imathandiza kwambiri pa mafunso okuluwika ngati “Walk us through your CV”, amene sakunena zoyenda ayi, koma kufotokoza maphunziro ndi ntchito zimene munthu wagwirapo, mwatsatanetsatane.

Funso likamveka koma yankho lisanabwere, “Let me think about that for a moment” amaloledwa. Mtsikana uja akhoza kupuma kamodzi, kukweza maso, n'kufotokoza m'ziganizo zifupizifupi kuti kale ankachedwa kumaliza malipoti chifukwa chobwerezabwereza masamu, ndipo tsopano amadziikira nthawi yomalizira tsiku loperekera lisanafike.