Chilembo chimodzi chikakula, chithunzi chimasowa

Webusayiti ya loji ina ya kunyanja yatha kupangidwa. Pa laputopu ya mmisiri amene waipanga, yomwe ili ndi Windows, tsamba loyamba likutseguka bwino, chithunzi cha madzi ndi mabwato chili pamalo pake. Koma webusayitiyo itangokwezedwa pa seva kuti anthu onse aione, pamalo pa chithunzi patsala kabokosi kopanda kanthu. Mmisiri akuyang'ana m'foda ya pa seva, chithunzi chilimo. Akuyang'ana m'tsambamo, dzina lalembedwa. Kusiyana n'kwa chilembo chimodzi basi: tsamba likuitana `nyanja.jpg`, pomwe fayilo ili ndi dzina loti `Nyanja.jpg`.

Kwa munthu wowerenga, dzinali ndi limodzi. Makompyuta ndiye sagwirizana pa nkhaniyi. Seva zambiri zimayendera Linux, ndipo pa Linux `N` ndi `n` ndi zilembo ziwiri zosiyana, monga momwe `n` amasiyanira ndi `m`. Mafayilo awiri, wina `Nyanja.jpg` wina `nyanja.jpg`, akhoza kukhala m'foda imodzi popanda kulimbana. Windows, ndi dongosolo lake losungira mafayilo la NTFS, komanso makompyuta a Mac, ndi APFS kapena HFS+ yakale ija, zimabwera zitatcheredwa mwina. Zimasunga dzina monga mwalilembera, chilembo chachikulu chimaonekabe chachikulu, koma pofunafuna fayilo sizisamala za kukula kwa zilembo. Mukapempha `nyanja.jpg`, `NYANJA.JPG` kapena `Nyanja.jpg`, zikupatsani fayilo yomweyo. N'chifukwa chake tsamba lija linkaoneka labwinobwino pa laputopu: Windows inkabisa cholakwacho.

Mankhwala ake akuoneka osavuta. Mmisiri akudina pa fayilo, akusintha dzina kukhala `nyanja.jpg`, ndipo pa sikirini pakuoneka dzina latsopano. Apa m'pamene Git imalowa m'nkhani.

Git ndi pulogalamu imene amisiri a makompyuta amasungira mbiri ya ntchito yawo. Anaiyambitsa Linus Torvalds mu 2005 kuti izithandiza anthu amene amalemba Linux, choncho inabadwira kumene zilembo zazikulu ndi zazing'ono zimasiyanitsidwa. Ntchito yonse imakhala m'nkhokwe, ndipo nkhokweyo ndi imene imatumizidwa kwa anzanu ndi ku seva. Chofunika kuchigwira bwino ndi ichi: Git situmiza foda yanu monga ikuonekera pa sikirini. Ili ndi kaundula wakewake, wotchedwa `index`, mmene yalembamo dzina la fayilo iliyonse chilembo ndi chilembo. Chimene chimapita ku seva ndi dzina la m'kaundulamo.

Ndiye mmisiri wathu, atasintha dzina lija, akufunsa Git ngati yaona kusintha kulikonse:

```
$ git status
nothing to commit, working tree clean
```

Git ikuyankha kuti palibe chatsopano. Anthu ambiri amati apa Git yasokonezeka, koma ikuchita ndendende zimene inauzidwa. Poyamba imatenga dzina la m'kaundula, `Nyanja.jpg`, n'kufunsa Windows ngati fayilo imeneyi ilipo. Windows imavomera, pakuti kwa iyo dzinalo likulozabe ku fayilo ija, ndipo zam'kati mwake sizinasinthe. Kenako Git imayendera foda kufunafuna mafayilo achilendo, n'kupeza `nyanja.jpg`. Tsono pa tsiku limene nkhokwe inapangidwa ndi `git init` kapena kukoperedwa ndi `git clone`, Git inayesa kompyutayo, n'kuona kuti siisiyanitsa zilembo, ndipo inadzilembera chikumbutso chotchedwa `core.ignoreCase` n'kuchiika pa `true`. Chifukwa cha chikumbutsochi, ikaona `nyanja.jpg` imati ndi `Nyanja.jpg` yemwe uja wa m'kaundula. Palibe chasowa, palibe chachilendo, choncho palibe choti inene. Pa laputopu dzina lasintha, m'kaundula lili chikhalire, ndipo ku seva kabokosi kaja kadakali kopanda kanthu.

Njira yodziwira zoona ndi kusiya kukhulupirira zimene foda ikuonetsa, n'kufunsa kaundula mwachindunji ndi lamulo la `git ls-files`. Lamuloli limatulutsa maina monga Git ikuwadziwira. Likaonetsa `Nyanja.jpg` pomwe foda ikuonetsa `nyanja.jpg`, matenda mwawapeza.

Kukonza kwake n'kouza Git yeniyeniyo kuti isinthe dzina, m'malo mosinthira kumbali n'kumayembekezera kuti izindikira yokha:

```
git mv Nyanja.jpg nyanja.jpg
git status
git commit -m "Sintha dzina la chithunzi"
```

Lamulo loyambalo limasintha dzina m'malo awiri nthawi imodzi, m'foda ndi m'kaundula, ndipo limagwirabe ntchito ngakhale munasintha kale dzinalo ndi dzanja. Tsopano `git status` ionetsa mzere woti `renamed: Nyanja.jpg -> nyanja.jpg`. Mzere umenewu ndiwo umboni. Mukapanda kuuona, musatumize kanthu. Git yakale kwambiri inkakana lamuloli, n'kumati dzina latsopanolo lilipo kale, ndipo anthu ankawonjezera `-f` poikakamiza. Kuyambira pa Git 2.0.1, ya mu 2014, zimenezo sizikufunikanso pa fayilo imodzi.

Foda ndiyo imavutirapo. Git silemba mafoda paokha m'kaundula, imangolemba njira yonse yofikira pa fayilo, monga `Zithunzi/nyanja.jpg`. Kusintha `Zithunzi` kukhala `zithunzi` n'kusintha dzina la fayilo iliyonse ya m'menemo, ndipo kawirikawiri `git mv` imalephera, chifukwa kompyuta imaona ngati mukufuna kulowetsa foda m'kati mwa iyo yomwe. Pamenepa mumadzera pa dzina longoyembekezera:

```
git mv Zithunzi zakanthawi
git mv zakanthawi zithunzi
```

Dzina lapakatilo silifika m'mbiri ya ntchito, bola muchite `git commit` mutamaliza masitepe onse awiri.

Pali uphungu wina umene umafala kwambiri pakati pa ophunzira, ndipo ine ndimauona kuti ndi woopsa kuposa vuto limene ukufuna kuthetsa. Amati ingolembani `git config core.ignorecase false`, Git iyamba kuona kusiyana kwa zilembo. N'zoona imayamba kuona, koma imaona theka lokha. Chikumbutso chija sichisintha khalidwe la Windows kapena la Mac. Ntchito yake n'kuuza Git mtundu wa kompyuta imene ilipo, ndiye mukachiika pa `false` pa kompyuta yosasiyanitsa zilembo, mwainamiza Git.

Taonani zimene zimachitika pa chithunzi chathu chija. Git ikuyendera foda, ikupeza `nyanja.jpg`, ikuyang'ana m'kaundula chilembo ndi chilembo, dzinalo mulibe. Ikuti iyi ndi fayilo yatsopano. Kenako ikufunsa Windows za `Nyanja.jpg`, ndipo Windows ikuyankha monga mwa masiku onse kuti ilipo. Git sikuona kuti dzina lakale lachoka. Mmisiri, posangalala kuti tsopano chinachake chaoneka, akulemba `git add .` n'kutumiza. M'nkhokwe mwalowa maina awiri, pomwe pa laputopu pali fayilo imodzi.

Poyamba zonse zimaoneka kuti zatheka, ndipo apa m'pamene pali msampha. Ku seva ya Linux kwafika mafayilo awiri, tsamba lapeza `nyanja.jpg`, chithunzi chaoneka. Mavuto amadza pambuyo pake, tsiku limene wina wa pa Linux asintha imodzi mwa mafayilo awiriwo, mwina kuikapo chithunzi chowala bwino. Mnzake wa pa Mac akakopera nkhokweyo, Git imalemba fayilo yoyamba, kenako yachiwiri imagwera pamalo omwewo, ndipo pamatsala imodzi. Kuchokera pamenepo `git status` imangonena kuti fayilo ina yasinthidwa, chonsecho munthuyo sanaikhudze. Akaibwezeretsa, inzake ija ndiyo imayamba kuoneka yosinthidwa. Munthu amatha tsiku lathunthu akuthamangitsa kusintha kumene sanapange, ndipo akatopa n'kuchita `git commit`, amafafaniza ntchito ya mnzake osadziwa. Git za masiku ano, kuyambira kumapeto kwa 2018, zimachenjeza pokopera nkhokwe yotere ndi uthenga woyamba ndi mawu akuti `warning: the following paths have collided`, n'kutchula maina amene agundana. Uthenga umenewu suyenera kudumphidwa.

Nkhokwe imene yalowa kale m'vutoli imakonzeka. Choyamba bwezerani `core.ignorecase` pa `true`. Kenako pezani maina amene akungosiyana pa kukula kwa zilembo, ndipo chotsani losafunikalo m'kaundula mokha:

```
git ls-files | sort -f | uniq -di
git rm --cached Nyanja.jpg
```

Mzere woyamba umagwira ntchito pa Linux, pa Mac ndi mu Git Bash ya pa Windows, ndipo umatchula dzina limodzi pa gulu lililonse logundana. Pa mzere wachiwiri, mawu oti `--cached` musawaiwale ngakhale pang'ono. Popanda iwo Git imafufutanso fayilo ya m'foda, ndipo poti maina awiri aja akuloza ku fayilo imodzi, imene ifufutike ndi yokhayo imene muli nayo. Ngati zam'kati mwa mafayilo awiriwo zinasiyana kale, yambani mwaona kuti chithunzi choyenera kusungidwa ndi chiti. Ntchito imeneyi imapepuka mukaichitira pa kompyuta ya Linux, pamene mafayilo onse awiri amaoneka maso ndi maso.

Wina angafunse kuti bwanji Git singoletseratu maina otere. Chifukwa chake n'chakuti pali ntchito zimene zimawafuna mwadala. M'nkhokwe ya Linux yeniyeniyo muli `xt_TCPMSS.c` ndi `xt_tcpmss.c` m'foda imodzi, mafayilo awiri a ntchito zosiyana, ndipo amene amakopera nkhokweyo pa Mac kapena pa Windows amakumana ndi kugundana komwe tafotokozaku. Kwa anthu ofunikadi kugwira ntchito yotere, Mac imalola kupanga gawo la APFS losiyanitsa zilembo, ndipo Windows 10 kuyambira mu 2018 imalola kutchera foda imodzi kuti izisiyanitsa, kudzera pa lamulo la `fsutil`. Nkhokwe iyenera kukoperedwa mwatsopano m'malo amenewo, kuti Git iyesenso kompyuta n'kulemba chikumbutso cholondola.

Gulu laling'ono lopanga mawebusayiti silifunika kufika pamenepo. Likhoza kungogwirizana kuti maina onse a mafayilo ndi mafoda azilembedwa ndi zilembo zazing'ono, n'kumasamala makamaka ndi zithunzi zochokera m'makamera ndi m'mafoni, zimene nthawi zambiri zimabwera ndi maina onga `IMG_2041.JPG`. Chithunzi chotere chipatsidwe dzina loyenera chisanalowe m'kaundula, `git add` isanachitike. Ndipo tsiku limene dzina lasinthidwa ndi `git mv`, ndi bwino kuuza anzanu a pa Windows ndi Mac kuti akalandira kusinthako ayerekeze foda yawo ndi zimene `git ls-files` ikuonetsa, chifukwa foda imene muli mafayilo ena osalembedwa m'kaundula imatha kutsalabe ndi dzina lake lakale pa kompyuta yawo.